Ana 96, mphunzitsi mmodzi: mafunso ndi mayankho pa njira yotsamira pa ophunzira ndi njira yotsamira pa mphunzitsi

Mafunso awa ndi amene aphunzitsi anzanga amandifunsa mobwerezabwereza tikamakambirana za makalasi odzaza. Kuti nkhani isamwazike, ndatenga kalasi imodzi yongoyerekeza: ana 96 a zaka pafupifupi zisanu ndi zitatu, phunziro la masamu la mphindi 35, mutu wake kuchotsera kobwereka.

Kodi njira ziwirizi zimasiyana pati kwenikweni?

Pa njira yotsamira pa mphunzitsi, mphunzitsi ndiye amasankha chophunzira, amachifotokoza, amaonetsa chitsanzo pabolodi, amafunsa mafunso, ndipo kalasi yonse imayendera liwiro limodzi. Pa njira yotsamira pa ophunzira, ana amapatsidwa ntchito yoti afufuze, akambirane, ayese ndi kulakwitsa, kufikira atatulukira okha mfundo, mphunzitsi akungowongolera. Maganizo achiwiriwa amachokera kwa anthu monga John Dewey, amene ankati mwana amaphunzira pochita, ndi Jean Piaget, amene anaonetsa kuti mwana amamanga chidziwitso chatsopano pamwamba pa zimene akudziwa kale. Paulo Freire wa ku Brazil ndiye anadzudzula kwambiri njira yakale ija, n'kuifanizira ndi kusungitsa ndalama ku banki: mphunzitsi amaikamo, mwana amangosunga, tsiku la mayeso n'kutapa.

Kusiyana kumene ine ndimakuona kofunika si kwakuti ndani akulankhula kapena mabenchi ayang'ana kuti. N'kwakuti ndani akuganiza pa mphindi iliyonse ya phunziro, ndipo mwana akaganiza molakwika, ndani adziwe, ndipo adziwe liti. Mayankho onse ali m'munsimu akuyeza njira ziwirizi ndi muyeso umenewu.

N'chifukwa chiyani kuchuluka kwa ana kumasintha mkangano wonsewu?

Chifukwa nthawi sikula ana akachuluka. Mphindi 35 ndi masekondi 2,100. Mukawagawira ana 96, aliyense apeza masekondi osakwana 22, ndipo apo ndiye kuti mphunzitsi sanafotokoze kanthu, sanalembe pabolodi, sanakhazike bata. M'kalasi ya ana 24, mwana aliyense akanapeza pafupifupi mphindi imodzi ndi theka.

Njira zonse ziwiri zinaganiziridwa ndi anthu amene m'mutu mwawo munali kalasi imene mphunzitsi amatha kufika pa mwana aliyense. Njira ya ophunzira imadalira kuti mphunzitsi azungulire, amve zimene ana akukambirana, awongole. Njira ya mphunzitsi, ikamachitidwa bwino, imadalira kuti iye aone pa nkhope ndi m'makope ngati ana amva asanapitirire. Kudzaza kumadula chinthu chimodzimodzi m'njira zonsezi, chomwe ndi kuona kwa mphunzitsi. Kufotokoza sikuvutika kwambiri ndi chiwerengero, pakuti mawu omwewo amafika kwa ana 30 kapena 96 bola akumveka kumbuyo. Chovutika ndi kudziwa chimene chalowa m'mutu mwa mwana aliyense.

Kodi kuphunzitsa kuchokera kutsogolo kumalakwika pati?

Aliyense amene anaimapo kutsogolo kwa kalasi yodzaza amaudziwa mtunduwu. Mphunzitsi alemba 52 − 17 pabolodi, afotokoza kubwereka, kenako afunsa kuti, "Tamvana?" Kalasi yonse iyankha pamodzi, "Eee!" Afunsanso, "Tabwereka zingati?" Mawu amveka ngati bingu, "Khumi!" Mphunzitsi mtima ukhala pansi, apitirira.

Koma yankho la pamodzi limanyenga khutu. Ana khumi kapena khumi ndi asanu a kutsogolo ndiwo amayamba, ena onse amatsatira kamphindi pang'ono pambuyo, atamva kale chiyambi cha liwu. Mukaima kumbuyo kwa kalasi n'kuyang'ana milomo mudzaona zimenezi: ena amangomaliza liwu, ena amangoyasamula pakamwa, ena ali phee. Kukweza manja nakonso kuli ndi vuto lomweli, popeza amakweza ndi ana omwe aja tsiku ndi tsiku. Pakutha pa teremu mphunzitsi amakhala kuti wakhala akuphunzitsa kalasi ya ana 15 mkati mwa kalasi ya ana 96.

Vuto lachiwiri ndi kukopera. Mwana atha kudzaza kope ndi masamu okhoza onse ochokera pabolodi, manambala okongola, osamvetsa ngakhale imodzi. Chachitatu ndi liwiro: mphunzitsi amayendera ana amene akuyankha, motero otsalira amatsalirabe, ndipo mutu uliwonse watsopano umamangidwa pa maziko amene iwo alibe.

Onani kuti m'zolakwika zitatuzi mulibe chonena kuti kufotokoza n'koipa. Cholakwika n'chakuti pambuyo pa kufotokoza palibe njira yoonera mwana aliyense.

Ndiye kuika ana m'magulu si ndiye mankhwala ake?

Ili ndi funso limene ndimafunsidwa kuposa ena onse, ndipo ndimaliyankha ndi masamu. Ana 96 m'magulu a ana asanu ndi atatu ndi magulu 12. Mukapereka mphindi 15 za ntchito ya pagulu, gulu lililonse lipeza masekondi 75 a mphunzitsi, osawerengera nthawi yodumpha miyendo ndi zikwama kuti afike kumbuyo. Kenako magulu afotokoze zimene apeza. Gulu lililonse likatenga mphindi ziwiri, ndi mphindi 24. Mphindi 15 ndi 24 zapitirira kale phunziro lonse, tisanawerengere nthawi yosuntha ana.

Koma chondidetsa nkhawa kwambiri ndi chimene chimachitika mkati mwa gulu. Ndinakhalapo pansi pambali pa gulu lotere. Pepala linali limodzi, pensulo imodzi. Mtsikana mmodzi wochangamuka analigwira, mnzake wa pambali akumuuza manambala. Anyamata awiri a mbali inayo ankaliona pepalalo chadodolido, manambala atazondoka. Ena atatu anali kunja kwa bwalo, sakanatha n'komwe kuliona, ndipo wotsala mmodzi ankaseweretsa chingwe cha chikwama chake. Mphunzitsi atafika anapeza yankho lokhoza, anayamikira gulu lonse n'kupita. Ana awiri anaphunzira, asanu ndi mmodzi analandira chiyamikiro.

N'zoona kuti mutu umodzi susenza denga, koma denga limasenzeka aliyense akagwira mbali yake. Akatswiri a kuphunzira mothandizana, monga Robert Slavin, akhala akutsindika zinthu ziwiri: gulu likhale ndi cholinga chimodzi, ndipo membala aliyense ayesedwe payekha. Chachiwirichi ndicho chimasowa m'kalasi yodzaza. Popanda icho, gulu lalikulu limasanduka kakalasi kotsamira pa mphunzitsi, kungoti mphunzitsi wake ndi mwana wa zaka zisanu ndi zitatu. Ndipo mwana ameneyo akakhala kuti wasokoneza njira, cholakwikacho chimafalikira kwa anzake asanu ndi awiri popanda wamkulu wochiona.

Kodi si zoona kuti chimene mwana watulukira yekha sachiiwala?

Chimene wachitulukiradi, inde. Funso n'lakuti ndi ana angati amene angatulukire okha kubwereka m'mphindi 35. Kuti mwana afike pa mfundo yoti khumi limodzi lingamasulidwe kukhala timodzitimodzi khumi, ayenera kusunga m'mutu nthawi imodzi manambala awiri, malo a nambala iliyonse, ndi cholinga cha funso. Gawo la ubongo limene timagwirira zinthu zatsopano ndi laling'ono, limanyamula zinthu zochepa chabe pa nthawi imodzi. John Sweller anafotokoza m'zaka za m'ma 1980 kuti wophunzira watsopano akamafufuza yekha njira, mphamvu zake zimathera pa kufufuzako, osati pa kumvetsa, ndipo amapindula kwambiri akaona chitsanzo chogwiridwa sitepe ndi sitepe. Mu 2006, Paul Kirschner, Sweller ndi Richard Clark analemba nkhani yotchuka yotsutsa kuphunzitsa kosawongolera kwenikweni, makamaka kwa oyamba kumene.

Palinso kafukufuku wamkulu wa ku America wotchedwa Project Follow Through, amene anayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 1977. Anayerekeza njira zosiyanasiyana zophunzitsira ana ochokera m'mabanja osauka, ndipo njira ya Siegfried Engelmann, yophunzitsa mwachindunji, ndiyo inachita bwino kwambiri pa maluso oyambira. Amene amakonda njira ya mphunzitsi amathamangira kutchula zimenezi, koma ayenera kunena chilungamo chonse. Njira ya Engelmann sinali ulaliki wa mphindi 35. Ana ankaphunzitsidwa m'timagulu tating'ono, ankayankha kambirimbiri pa mphindi iliyonse, ndipo cholakwika chinkawongoledwa pompo. Ndi kutali kwambiri ndi kalasi ya "Tamvana? Eee!" imene ndafotokoza pamwambapa.

Mwana akasiyidwa yekha pa 62 − 18, kawirikawiri amatulukiradi lamulo, koma lolakwika: chotsa nambala yaing'ono pa yaikulu kulikonse kumene ili. 8 kuchotsa 2 ndi 6, 6 kuchotsa 1 ndi 5, yankho 56. Lamuloli ndi lanzeru ndithu, chifukwa lakhala likumugwirira ntchito pa masamu onse osabwereka. Ndipo popeza analitulukira yekha, nalonso saliiwala msanga.

Nanga inu mukuti phunziro liziyenda bwanji?

Ndikuti mphunzitsi agwire chiwongolero pa chinthu chatsopano, koma ntchito yoganiza igwe pa mwana aliyense, m'njira yoti mphunzitsi aione ali chiimire. Nali phunziro la kuchotsera kobwereka mmene ndingaliyendetsere kwa ana 96. Ana akhale m'mizere mmene amakhalira, aliyense ali ndi sileti, kapena tsamba la kumapeto kwa kope loti alembepo nambala yaikulu. Aliyense adziwiretu mnzake wogwira naye ntchito, wa pambali pake.

Mphindi zinayi zoyamba ndi zokumbutsa. Ndifunsa kuti mu 62 muli makumi angati, ndiwerenga chamumtima mpaka zisanu, kenako ndinena kuti, "Kwezani." Masileti 96 akwera nthawi imodzi. Sindiwerenga onse, koma diso limagwira msanga ngati 2 achuluka pamene payenera kukhala 6. Akachuluka, phunziro la lero lisintha, chifukwa kubwereka sikungamveke kwa mwana amene sadziwa kuti 6 uja ndi makumi.

Mphindi zisanu ndi zitatu zotsatira ndi zanga, ndipo sindichita nazo manyazi. Ndinyamula m'mwamba mitolo inayi ya timitengo khumikhumi ndi timitengo titatu tapadera: 43. Ndikufuna kuchotsa 16. Ndiyesa kuchotsa timitengo tisanu n'kamodzi pa titatu, ana aone kuti sizikutheka. Ndimasula mtolo umodzi pamaso pawo, ndiwerenga nawo: mitolo yatsala itatu, tapadera tafika 13. Pomwepo ndilemba pabolodi chimene manja achita, kudula 4 kulemba 3, kuika 1 pambali pa 3 wa timodzitimodzi. Kumasula mtolo ndi kudula nambala ziyenera kuchitika pamodzi, kuti mwana aone kuti kamzere kodula kaja kali ndi tanthauzo. Ndichitanso chitsanzo chachiwiri, 54 − 27, ndikulankhula mokweza zimene ndikuganiza. Timitengo ta patebulo sitioneka kumbuyo, choncho ndijambulanso mitoloyo pabolodi mokula.

Kenako mphindi zisanu ndi ziwiri tichitira limodzi, sitepe imodzi pa nthawi. Pa 71 − 29 sindifunsa yankho lomaliza. Ndifunsa kuti, "Tikamasula mtolo, makumi atsala angati? Lembani. Kwezani." Kenako, "Timodzitimodzi tafika tingati? Lembani. Kwezani." Mwana aliyense ayankha kasanu kapena kasanu ndi kamodzi m'mphindi zimenezi. Pa njira yokweza manja akanayankha ana asanu okha m'kalasi monse.

Mphindi zisanu zotsatira ndipereka 62 − 18 kuti aliyense achite yekha mpaka mapeto. Akakweza ndiona mayankho osiyana. Sindinena lokhoza. Ndilemba pabolodi 44, 54 ndi 56, n'kunena kuti, "Tembenukira kwa mnzako, umuonetse mmene wapezera lako. Ngati mwasiyana, pezani amene walondola." Pakatha mphindi ziwiri alembanso n'kukweza. Kenako nditchula mwana wa kumbuyo amene sanakweze dzanja kuti afotokoze zimene iye ndi mnzake agwirizana. Apa ndi pamene njira ya ophunzira imagwira ntchito yake yeniyeni, chifukwa ana ali ndi chokangana chenicheni, ndipo ali ndi zida zokanganira zimene angoona kumene. Kavotedwe kotere, kuyankha, kukambirana ndi mnzako, kuyankhanso, ndi kamene Eric Mazur anayambitsa chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 pophunzitsa fizikisi pa yunivesite ya Harvard, m'makalasi akuluakulu. Ophunzira ake anali akuluakulu, koma chifukwa chake chinali chomwechi, chakuti munthu mmodzi sangafike pa aliyense.

Mphindi zisanu ndi zinayi ana alemba masamu asanu ndi imodzi m'makope, aliyense payekha, ndipo awiri mwa masamuwo akhale osafuna kubwereka, kuti mwana asazolowere kubwereka paliponse. Ine sindizungulira kalasi yonse. Ndipita molunjika kwa amene ndinawaona atakweza 56. Mphindi ziwiri zomaliza ndi funso limodzi la pasileti, loti lindiuze poyambira mawa.

Mukawerenga, ine ndalankhula ndekha mphindi zisanu ndi zitatu zokha pa 35. Koma palibe mphindi imene ana anasiyidwa kuti adzipezere okha njira.

Masileti akakwera, ndiziyang'ana chiyani?

Musayang'ane okhoza, yang'anani mtundu wa cholakwika. Pa 62 − 18 yankho ndi 44. Amene walemba 56 wachotsa yaing'ono pa yaikulu, monga ndafotokozera kale, ndipo sanabwereke n'komwe. Ameneyu ayenera kubwerera ku mitolo. Amene walemba 54 wabwereka bwino, 12 kuchotsa 8 wapeza 4, koma waiwala kuti makumi atsala asanu. Ameneyu wamvetsa theka, ndipo funso limodzi lingamukwanire: "Khumi lija walitenga kuti?" Amene walemba 50 waganiza kuti 2 kuchotsa 8 palibe chotsala. Amene walemba 43 kapena 45 njira waidziwa, wangophonya powerengera.

Kasankhidwe ka funso kali ndi msampha. Tengani 52 − 17, yankho 35. Wochotsa yaing'ono pa yaikulu apeza 45. Wobwereka n'kuiwala kuchepetsa makumi apezanso 45, chifukwa 7 kuchotsa 2 ndi 12 kuchotsa 7 zonse ndi 5. Matenda awiri osiyana, chizindikiro chimodzi. Funso loyezera lisakhale ndi manambala a kumapeto amene kusiyana kwawo ndi 5. Musanalowe m'kalasi, ligwireni nokha funsolo m'njira zolakwika zimene mukuzidziwa, muone ngati mayankho ake akusiyana.

Pa kuchuluka kwa okhoza, Barak Rosenshine, amene mu 2012 anasonkhanitsa mfundo khumi za kaphunzitsidwe kogwira mtima, anati pa nthawi yoyeserera ndi mphunzitsi ana azikhoza pafupifupi mayankho 8 pa 10 alionse. Ine ndimatsatira motere: okhoza akakhala ambiri chotero, tipitirira ku ntchito ya payekha. Akakhala pafupifupi theka, ndi nthawi yabwino ya awiriawiri, chifukwa awiri ambiri ali ndi mmodzi wodziwa. Akakhala ochepa kwambiri, kukambirana n'kungotaya nthawi, popeza palibe woti n'kuthandiza mnzake. Pamenepo ndibwerera pabolodi ndi chitsanzo china.

Ana ena amaonera kwa anzawo asanakweze. Zimachepa mukawaphunzitsa kulemba sileti ili pachifuwa ndi kukweza onse pa chizindikiro chimodzi, komanso akaona kuti yankho lolakwika silibweretsa chilango kapena kusekedwa.

Bwanji awiriawiri osati magulu? Nanga phokoso?

Awiri safuna kusuntha benchi, ndipo mwa awiri mulibe pobisala. Ana 96 ndi awiriawiri 48, kutanthauza kuti ana 48 akulankhula za masamu nthawi imodzi, pamene m'magulu 12 olankhula ndi 12. Njirayi, yoganiza wekha, kukambirana ndi mnzako, kenako kuuza kalasi, inafotokozedwa ndi Frank Lyman mu 1981. Gawo loyamba, loganiza wekha, ndi limene aphunzitsi ambiri amalidumpha, ndipo akalidumpha wochangamuka amalankhula, mnzake n'kungovomera.

Phokoso lilipo ndithu, ndipo kalasi yoyandikana nayo idzalimva. Limapiririka likakhala lalifupi, mphindi imodzi kapena ziwiri, funso likakhala limodzi lomveka, ndiponso pakakhala chizindikiro chosiyira chimene ana anachiyeserera mpaka kuzolowera. Sabata yoyamba muphunzitse chizindikirocho ngati phunziro palokha. Powaphatikiza, musaike wodziwa kwambiri ndi wotsalira kwambiri, pakuti wodziwayo amangomulembera. Ndi bwino kusiyana kwawo kukhale kwapang'ono.

Kodi kudikira pambuyo pofunsa si kutaya nthawi imene ilibe kale?

Ayi. Mary Budd Rowe, atamvetsera makalasi ambiri m'zaka za m'ma 1970, anapeza kuti aphunzitsi amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha atafunsa funso, ndipo akafikitsa masekondi atatu kapena kuposa, mayankho amatalika ndipo ana ambiri amayesa kuyankha. Mafunso khumi a masekondi asanu odikira ndi nthawi yosakwana mphindi imodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Bwanji osangopatsa ana anzeru udindo wophunzitsa anzawo?

Maganizowa ndi akale. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, Andrew Bell ku Madras, m'dziko la India, ndi Joseph Lancaster ku London anayendetsa masukulu amene mphunzitsi mmodzi ankaphunzitsa ana osankhika, iwowo n'kukaphunzitsa anzawo mazanamazana. Njirayi inafala kwambiri chifukwa inali yotsika mtengo, koma patapita zaka inazilala. Chimodzi mwa zifukwa zake chinali chakuti ana ankatha kupatsirana zoloweza, koma osati kumvetsa.

Malire ake ndi omwewo lero. Mwana wodziwa angathe kumvetsera mnzake akuwerenga, kuchonga masamu pogwiritsa ntchito mayankho a mphunzitsi, kugawa ndi kutolera masileti, kapena kuyeserera ndi mnzake chinthu chimene mphunzitsi waphunzitsa kale. Sangathe kuzindikira kuti 54 ndi 56 ndi matenda osiyana. Kumbukiraninso kuti nayenso anabwera kudzaphunzira, choncho udindowu uzisinthana ndipo usamudyere phunziro lonse.

Nanga ana amene atsalira kutali, osadziwa ngakhale makumi?

Apa njira zonse ziwiri zimagwa mofanana ngati tikakamira silabasi. Mwana wosadziwa kuti 6 wa mu 62 ndi makumi sapindula ndi kufotokoza kwanga, ndipo sapindulanso ndi kukambirana. Bungwe la Pratham ku India linakonza njira yoyesa mwana aliyense mwachidule, pakamwa, kenako kugawa ana molingana ndi pamene afika osati zaka zawo kapena kalasi yawo, kwa gawo lina la tsiku. Njirayi inayesedwa kangapo mogwirizana ndi akatswiri a J-PAL, bungwe lofufuza njira zochepetsera umphawi, ndipo inaonetsa phindu pa kuwerenga ndi masamu oyambira.

Mphunzitsi mmodzi payekha sangachite zonsezo, koma angathe kuchitako pang'ono. Masileti a sabata ziwiri amakuuzani kale ana 20 kapena 25 amene akusowa maziko. Akhazikeni kutsogolo kapena m'mphepete mwa kanjira kamene mumadutsa, ndipo pa mphindi zisanu ndi zinayi zija za ntchito ya payekha, mukhale nawo ndi mitolo ya timitengo pamene ena akulemba. Ili ndi gulu, inde, koma lotsogoleredwa ndi mphunzitsi. Gawoli liziunikidwanso pafupipafupi kuti mwana asakhazikike pa dzina la wotsalira.

Makope 96 ndingawachonge bwanji?

Simungathe tsiku lililonse. Mphindi imodzi pa kope ndi ola limodzi ndi mphindi 36, pa phunziro limodzi lokha. Ana achonge okha kapena asinthane makope mayankho ali pabolodi, inu mutenge makope 12 patsiku, mzere wosiyana tsiku lililonse, muwaone mofatsa. M'masiku asanu ndi atatu mwaona kalasi yonse. Cholinga chotengera makopewo si kuika chizindikiro chofiira, koma kupeza cholakwika chofala choti muyambire nacho mawa.

Kodi pali nthawi imene njira yotsamira pa ophunzira imaposadi, ngakhale m'kalasi yodzaza?

Ilipo, ndipo sindikufuna kuti zimene ndanenazi zimveke ngati ndikuikana. Ana akadziwa kale kubwereka, kupitiriza kuwaonetsa zitsanzo kumawabweza m'mbuyo. Akatswiri a gulu la Sweller lomwelo anapeza kuti thandizo limene limapindulitsa woyamba limasanduka chopinga kwa wodziwa. Pamenepo perekani funso lotseguka: "Pezani masamu ochotsera ambiri mmene mungathere amene yankho lake ndi 27, ndipo mulekanitse obwereka ndi osabwereka." Wotsalira apeza 29 − 2, wotsogola apeza 71 − 44 ndipo mwina ayamba kuona kuti ukawonjezera 1 ku manambala onse awiri yankho silisintha. Funso limodzi lakwanira ana 96 a maluso osiyana, chinthu chimene kufotokoza kwa pabolodi sikungathe.

Imaposanso pamene ana akudziwa kale zambiri pa nkhaniyo kuchokera m'moyo wawo, pamene cholinga ndi kulankhula chilankhulo, pakuti palibe amene anaphunzira kulankhula pongomvetsera, ndiponso pamene tikufuna kuti mwana azolowere kupereka chifukwa cha maganizo ake. Palinso mbali ya njirayi imene sidalira chiwerengero n'komwe: kumutchula mwana dzina, kufunsa zimene akudziwa kale, kulola kuti afunse, ndi kusamunyoza akalakwa. Lev Vygotsky, amene amatchulidwa kawirikawiri poikira kumbuyo njirayi, sankanena kuti mwana asiyidwe yekha. Ankanena za zimene mwana angathe kuchita mothandizidwa ndi wodziwa kuposa iye.

Oyendera sukulu akabwera amafuna kuona magulu. Ndichite bwanji?

Vutoli si la dziko limodzi. Mu 2011, Michele Schweisfurth anaunika nkhani za kafukufuku 72 zokhudza kukhazikitsa njira yotsamira pa ophunzira m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene, ndipo zambiri zinali nkhani za zolephereka. Mwa zifukwa zake munali kuchuluka kwa ana, kusowa kwa zipangizo, maphunziro osakwanira a aphunzitsi, ndi mayeso amene amafunabe zoloweza. Chimene chimatsala kawirikawiri ndi chikopa cha njirayo: ana akhala mozungulira, koma akukopera pabolodi, ena khosi litapindika chifukwa bolodi lili kumbuyo kwawo.

Langizo langa n'lakuti musakonze phunziro lachionetsero. Lembani m'chikonzero chanu mwachindunji mphindi zimene mwana aliyense akulemba, kukambirana ndi kufotokoza, ndipo mupemphe mwaulemu woyenderayo kuti akhale kumbuyo, asankhe ana atatu alionse, awerenge kuti aliyense wayankha kangati. Ambiri mwa oyendera anali aphunzitsi, ndipo umboni wotere amaumva.

Kodi zonsezi sizikungobisa vuto lenileni, loti ana achuluka?

Zingabise ngati titanena kuti njira yabwino imathetsa kudzaza, ndipo ine sindikunena choncho. Kafukufuku wodziwika kwambiri wa kukula kwa kalasi, wa STAR ku Tennessee m'dziko la America, kuyambira 1985 mpaka 1989, anayerekeza makalasi a ana 13 mpaka 17 ndi a ana 22 mpaka 25, ndipo ana aang'ono a m'makalasi ochepawo anachita bwino. Kalasi imene kumeneko ankaitcha yaikulu ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a kalasi yathu ya ana 96.

M'phunziro lija la mphindi 35, ngakhale litayenda bwino chotani, ndimafika pa makope a ana khumi kapena khumi ndi awiri okha. Mwana wa pakona amene anakweza 44 ataonera kwa mnzake sindinamugwire. Mwana wosamva bwino kapena wosaona bwino pabolodi angathe kutha teremu ndisanamuzindikire. Ndipo kuwerenga, kumene mphunzitsi amafunika kumva liwu la mwana mmodzimmodzi, sikukwezeka pasileti ngati masamu: kumvetsera mwana aliyense kwa mphindi ziwiri zokha m'kalasi imeneyi ndi maola atatu ndi mphindi 12. Nthawi imeneyo ingapezeke pokhapokha patabwera mphunzitsi wachiwiri ndi chipinda chachiwiri.